Mphindi 15 Shopu Isanatsegulidwe: Kuphunzitsa Antchito Njira Yatsopano Yolembera Maoda

Tsiku limene shopu ikusiya buku la maoda n'kuyamba kulemba maoda pakompyuta, manijala amasonkhanitsa antchito m'mawa zitseko zisanatsegulidwe n'kuwalankhula kwa mphindi 15 kapena 20. Kulankhula kumeneku si maphunziro onse a pulogalamu yatsopanoyo. Maphunziro enieni amayenera kukhala atachitika kale masiku a m'mbuyo, aliyense atakhala pampando n'kumayeserera yekha. Ntchito ya mawu a m'mawawa ndi yochepa: kasitomala woyamba akalowa, wantchito aliyense adziwe batani limene adine, nthawi yoti alidine, ndi munthu woti amuitane zinthu zikamuvuta.

Nkhani ino ikutsata chitsanzo chimodzi, shopu yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, yonga mashopu a hadiweya amene ali ku Malangalanga mu mzinda wa Lilongwe kapena ku Limbe. M'shopu yotere oda imodzi imadutsa m'manja mwa anthu anayi. Wa pakauntala amalemba zimene kasitomala akufuna, kashiya amalandira ndalama, wosunga katundu amatulutsa katunduyo, ndipo mlonda wa pageti amaona ngati zimene zakwera pagalimoto zikugwirizana ndi pepala. Pa njira yakale, zonsezi zinkayendera buku la mapepala a kaboni: pepala limodzi la kasitomala, lina lopita kosungira katundu, lachitatu lotsala m'buku. Pa njira yatsopano, pepala loyenda ndi miyendo lija lasanduka mzere wa pasikirini umene wa pakauntala, kashiya ndi wosunga katundu akuuona nthawi imodzi. Pulogalamu imene tatengera chitsanzo ndi Odoo, yochokera ku Belgium, imene mabizinesi ambiri ang'onoang'ono padziko lapansi amagwiritsa ntchito. Mayina a mabatani amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa pulogalamuyo umene shopu yaika, koma kayendedwe ka oda n'kamodzi.

Chifukwa chake mawu amakhala ochepa

Amene akuidziwa bwino pulogalamu amalakalaka kuonetsa zonse zimene imachita: malipoti a mwezi, kutsitsa mitengo, ngongole za makasitomala, kuoda katundu kwa ogulitsa. Akatero, antchito amachoka pamsonkhano atamva zambiri koma osagwira chilichonse. Akatswiri a zamaganizo anafufuza kalekale kuchuluka kwa zinthu zatsopano zimene munthu angasunge m'mutu pa nthawi imodzi. George Miller mu 1956 anati ndi zinthu pafupifupi 7, ndipo Nelson Cowan mu 2001 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa zinayi. Munthu amene waimirira pakauntala, kasitomala akumuyang'ana ndipo wa lole akuimba hutala panja, sangakumbukire zoposa pamenepo.

Njira yophunzitsira imene imathandiza pa tsiku ngati ili inapangidwa ku America pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, pamene mafakitale ankalemba anthu ambiri amene anali asanagwirepo makina. Ndondomeko ya boma yotchedwa Training Within Industry, imene inayamba mu 1940, inagawa kaphunzitsidwe ka ntchito m'magawo anayi: kukonzekeretsa wophunzira, kumuonetsa ntchito, kumuyesetsa yekha, ndi kumamuyendera pambuyo pake. Nkhondo itatha njirayi inafika ku Japan, kumene kampani ya Toyota inaitenga n'kuisunga. Chofunika kwambiri m'njirayi ndi chakuti pa sitepe iliyonse mphunzitsi amatchula zinthu zitatu: chochita, chochenjera nacho, ndi chifukwa chake. Kungouza munthu kuti adine batani lakuti sikokwanira. Akauzidwa chimene chimachitika kosungira katundu iye akadina batanilo, amalidina pa nthawi yake ngakhale manijala kulibe.

Zoyenera kukonzeka usiku wake

Mawu a m'mawa amapita pachabe ngati zinthu zingapo sizinakonzedwe dzulo lake. Wantchito aliyense ayenera kukhala ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi yakeyake, ndipo akhale atayesa kale kulowa. Mashopu ambiri amataya theka loyamba la ola pa munthu mmodzi amene waiwala pasiwedi, ena onse ataimirira kumbuyo kwake.

Katundu ayenera kukhala atawerengedwa ndi manja shopu itatsekedwa, ndipo ziwerengerozo zikhale zitalowetsedwa. Kompyuta siona matumba amene ali pansi. Imangodziwa nambala imene inauzidwa, n'kumachotsera kapena kuwonjezera. Ngati usiku inauzidwa kuti matumba a simenti alipo 40 pamene alipo 32, idzanama tsiku lonse popanda wodziwa, ndipo antchito adzanena kuti makina atsopanowa ndi achabechabe pamene vuto linali la wowerenga.

Chomaliza ndi kudula malire pakati pa zakale ndi zatsopano. M'buku lakale mumatsala maoda amene analipiridwa koma katundu wake sanatengedwe. Manijala amasankha njira imodzi n'kuilengeza. Njira yosavuta ndi kulowetsa maoda otsalawo m'kompyuta usiku womwewo, n'kudula mzere pansi pa tsamba lomaliza la buku. Akapanda kutero, matumba a munthu amene analipira sabata yatha adzaoneka ngati alibe mwini, ndipo adzagulitsidwa kachiwiri.

Oda imodzi kuyambira pakhomo mpaka pageti

Mtima wa kulankhula konse ndi kutsata oda imodzi yeniyeni, pasikirini imene aliyense akuiona, pogwiritsa ntchito kope la pulogalamu loyesererapo kuti ziwerengero zenizeni zisasokonekere. Manijala safotokoza mabatani motsatira mmene alili pasikirini. Amafotokoza motsatira mmene kasitomala amayendera m'shopu. Oda yachitsanzo isakhale yophweka kwambiri, chifukwa oda ya chitini chimodzi cha penti siphunzitsa kanthu. Yabwino ndi yonga iyi: mmisiri womanga nyumba akufuna matumba 20 a simenti a makilogalamu 50, malata 30 a geji 28 otalika mafiti 10, ndi makilogalamu 5 a misomali ya mainchi 4.

Wa pakauntala amadina New, n'kuyamba ndi dzina la kasitomala. Pano pali chochenjera nacho choyamba. Asanalembe dzina latsopano ayenera kulemba zilembo zingapo zoyambirira n'kudikira kuti aone ngati dzinalo lilimo kale. Pulogalamu imalola munthu kupanga kasitomala watsopano mosavuta kwambiri, ndipo pakutha mwezi mmisiri mmodzi amapezeka kuti walembedwa katatu, kamodzi ndi dzina lake, kamodzi ndi dzina la bambo ake, kamodzi ndi dzina la kampani yake. Ngongole yake imagawanika patatu, ndipo palibe amene amaona kukula kwake.

Akalowetsa katundu mzere ndi mzere, chimene wapanga pasikirini ndi Quotation, kutanthauza kuti wangouza kasitomala mtengo basi. Antchito ozolowera buku amaganiza kuti akalemba ndiye kuti oda yatheka, chifukwa m'buku kulemba ndi kugulitsa zinali chinthu chimodzi. Apa manijala amachedwapo dala. Kotesheni sigwira katundu. Wosunga katundu saiona, ndipo matumba 20 aja angathe kugulitsidwa kwa wina pa kauntala yachiwiri mphindi yomweyo. Oda imabadwa wantchito akadina Confirm. Pamenepo chikalatacho chimasanduka Sales Order, pulogalamu imasungira kasitomalayo katundu amene alipo, ndipo kosungira katundu kumatulukira chikalata chotulutsira katundu chokhala ndi nambala yoyamba ndi WH/OUT.

Manijala wodziwa ntchito amazinena mwachidule, ndi mawu amene munthu angawakumbukire: "Amayi, kasitomala akangofunsa mtengo, musadine Confirm. Akanena kuti akugula, musamulole achoke pakauntala musanadine. Mukadina msanga mwatsekera ena katundu. Mukachedwa, katundu wake apita ndi wina."

Kenako pamabwera nkhani imene imasokoneza anthu ambiri pa tsiku loyamba, ya manambala a katundu. Mu chitsanzo chathu, matumba a simenti amene aliko ndi 32, ndipo nambala imeneyi ndi imene imaoneka pa On Hand. Wa pakauntala akaona 32 amauza mmisiri kuti simenti ilipo yokwanira. Koma matumba 18 mwa amenewo ndi a kasitomala wina amene analipira dzulo ndipo lole yake ikubwera masana. Amene angagulitsidwe ndi 14 okha, nambala imene pulogalamu imaitcha Free to Use. Oda ya matumba 20 ikatsimikizidwa, nambala ya Forecasted imatsika kufika pa -6, chifukwa 32 kuchotsa 18 kuchotsanso 20 kumasiya ngongole ya matumba 6. Pulogalamu sikaniza wantchito kugulitsa zimene kulibe. Imangosintha kachizindikiro ka pamzere wa simenti kukhala kofiira, ndipo munthu amene sanauzidwe sakaona n'komwe. Choncho pamsonkhano manijala amaloza kachizindikiroko ndi chala, n'kuuza antchito kuti kakafiira, kasitomala auzidwe chilungamo asanapereke ndalama: lero atenga 14, ndipo 6 adzatenga katundu wina akafika.

Mmisiri akavomera, amapita kwa kashiya. Kashiya amatsegula oda yomweyo pofufuza nambala yake, amadina Create Invoice, amatsimikiza invoisi, kenako amalemba malipiro. Chochenjera nacho pano ndi kusankha njira yeniyeni imene ndalama zabwerera. Ndalama za m'manja, za Airtel Money, za TNM Mpamba ndi za kubanki zili ndi malo akeake m'pulogalamu. Kashiya akalemba ndalama za pafoni ngati za m'manja, madzulo kompyuta idzafuna ndalama zimene m'bokosi mulibe, ndipo munthu wosalakwa adzayamba kukayikiridwa. Pa ndalama za pafoni, kashiya amakhulupirira uthenga umene wafika pafoni ya shopu, osati umene kasitomala akuonetsa pafoni yake, ndipo amalemba nambala ya malipirowo pa Memo kuti idzapezeke pakadzabuka mkangano. Manijala amakumbutsanso kuti pepala la oda si lisiti la msonkho. Ku Malawi, shopu yolembetsa msonkho wa VAT imayenera kupereka lisiti lovomerezeka ndi bungwe la MRA, limene linayambitsa makina a EFD mu 2014, ndipo kubwera kwa pulogalamu yatsopano ya maoda sikuchotsa udindo umenewo.

Gawo la wosunga katundu ndi limene limafuna mawu omveka kuposa onse, chifukwa pali chinthu chimene anthu ambiri amachiganizira molakwa. Iwo amayesa kuti kompyuta siingalole katundu wosalipiridwa kutuluka. Mu Odoo, pokhapokha ngati shopu yakonzetsa mwapadera, chikalata chotulutsira katundu chimaoneka kosungira katundu oda ikangotsimikizidwa, kaya ndalama zaperekedwa kaya ayi. Chotchinga si makina, ndi lamulo la shopu: wosunga katundu satulutsa kanthu asanaone invoisi yosonyeza kuti yalipiridwa, kapena siginecha ya manijala pa makasitomala ololedwa kutenga pangongole. Mfundo imeneyi ikapanda kunenedwa m'mawa, imadzadziwika madzulo katundu atapita kale.

Akaona kuti zalipiridwa, wosunga katundu amawerenga katundu akukwera pagalimoto, n'kulemba chiwerengero chimene chatulukadi: malata 30, misomali makilogalamu 5, simenti matumba 14. Akatero amadina Validate, ndipo ndi pamenepa pamene nambala ya On Hand imatsika, kuchoka pa 32 kufika pa 18. Popeza watulutsa 14 pa oda ya 20, pulogalamu imamufunsa funso lokhala ndi mayankho awiri. Akasankha Create Backorder, pamapangika chikalata chachiwiri cha matumba 6 otsalawo, chimene chimadikira mpaka simenti ina itafika. Akasankha No Backorder, pulogalamu imatenga kuti nkhani yatha, ndipo matumba 6 amene mmisiri walipira sadzaonekanso pa mndandanda wa zoyenera kutuluka. Sabata yamawa mmisiri adzabwera ndi invoisi ya matumba 20, wosunga katundu adzayang'ana pasikirini osapeza kanthu, ndipo onse awiri adzakhala akunena zoona. Lamulo lake ndi lalifupi: ngati kasitomala adzabwererenso kudzatenga zotsala, yankho ndi loyambalo. Lachiwirilo ndi la kasitomala amene wanena yekha kuti zotsalazo sakuzifunanso, ndipo pamenepo pamafunika manijala chifukwa pali ndalama zoti zibwezedwe.

Mlonda wa pageti sagwira kompyuta, koma sasiyidwa kunja kwa msonkhano. Pepala limene ankalidziwa, lolembedwa pamanja ndi cholembera, lasintha maonekedwe. Amaonetsedwa pepala latsopano lochokera m'pulinta, n'kuuzidwa kuti aziwerenga katundu motsatira chikalata chotulutsira katundu, chimene chikuti matumba 14, osati invoisi, imene ikuti 20.

Zolakwika zimene zimayembekezeka

Pa zolakwika zonse za tsiku loyamba, chofala ndi cha muyeso. Katundu wina amagulitsidwa m'njira ziwiri. Misomali imagulitsidwa pa kilogalamu komanso pa bokosi, waya pa mita komanso pa mpukutu, monganso shuga m'holoselo amagulitsidwa pa paketi komanso pa belo la mapaketi 20. Pasikirini, pambali pa chiwerengero pali kabokosi kosonyeza muyeso, ndipo diso la munthu wofulumira limakalumpha. Tinene kuti bokosi la misomali ndi la makilogalamu 25, ndipo kilogalamu ikugulitsidwa K4,000. Makilogalamu 5 ndi K20,000. Wantchito akalemba 5 muyeso uli pa bokosi, wagulitsa makilogalamu 125 pa K500,000. Kulakwa kotere kumagwidwa msanga chifukwa kasitomala amakuwa akamva mtengo. Choopsa ndi chotembenuza chake: kasitomala akufuna mabokosi 5, wantchito walemba 5 pa kilogalamu, kashiya walandira K20,000, ndipo wosunga katundu, amene wamva kasitomala akunena za mabokosi, watulutsa mabokosi 5. Pamenepo palibe amene amakuwa. Mankhwala ake ndi chizolowezi chimodzi chimene manijala amachiyesetsa pomwepo: asanadine Confirm, wa pakauntala awerengere kasitomala oda yonse mokweza, chiwerengero, muyeso ndi mtengo wonse, ndipo wosunga katundu atsate pepala, osati pakamwa pa kasitomala.

Cholakwika chachiwiri ndi kulemba oda kawiri. Netiweki ikachedwa, sikirini imaoneka ngati yaima, wantchito amaganiza kuti oda yatayika, ndipo amayambanso ina. Kosungira katundu kumatulukira zikalata ziwiri za kasitomala mmodzi, katundu yemweyo, mphindi zoyandikana. Chimenecho ndicho chizindikiro chake. Asanayambenso, wantchito ayang'ane kaye pa mndandanda wa maoda a tsikulo.

Pa kukonza zolakwika, antchito amangofunika kudziwa malire amodzi. Katundu asanatuluke ndipo invoisi isanatsimikizidwe, oda ingathe kusinthidwa kapena kuthetsedwa ndi Cancel. Wosunga katundu akadina Validate, chikalatacho sichithetsedwanso. Katundu wobwezedwa amalowa kudzera pa Return, ndipo ndalama zimakonzedwa ndi chikalata china chochotsera pa invoisi. Zimenezi pa tsiku loyamba siziphunzitsidwa kwa aliyense. Zimasiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo ena amangouzidwa kuti zikafika pamenepo aime n'kuitana. Wantchito amene akuyesa kubisa cholakwika polemba oda ina yofafanizira yoyambayo amasandutsa vuto la mphindi ziwiri kukhala la maola awiri.

N'chifukwa chake nkhani ya pasiwedi imanenedwa mosabisa. Pulogalamu imalemba pambali pa chikalata chilichonse dzina la amene anachipanga, amene anachisintha, ndi nthawi yake. Antchito ena akamva zimenezi amaona ngati abwana abweretsa kazitape. Kunena zoona, mbali ina ya ntchito ya pulogalamuyi ndi imeneyo, ndipo manijala wokana zimenezi sakhulupiriridwa. Chimene anganene moona mtima ndi chakuti chizindikiro chomwecho chimateteza wosalakwa, bola asabwereketse pasiwedi yake ndipo azitseka sikirini akamapita kukadya. Wobwereketsa pasiwedi ali ngati munthu wosayina pepala lopanda mawu n'kulisiya pakauntala.

Magetsi akazima

Gawo ili limaiwalika kawirikawiri, koma ndi limene limayesedwa msanga. Ngati pulogalamu ili pa intaneti, magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, maoda salembeka. Shopu siitsekedwa chifukwa cha zimenezo, choncho manijala amanyamula m'manja buku limodzi latsopano la kaboni, lokhala ndi manambala a masamba, n'kuonetsa aliyense pamene likhale. Buku limeneli limatsegulidwa ndi chilolezo cha manijala yekha. Pa tsamba lililonse pamalembedwa zonse zimene kompyuta idzafune: dzina la kasitomala, katundu, chiwerengero, muyeso, njira yolipirira, ndi zimene zatulukadi. Makina akayambanso kugwira ntchito, munthu mmodzi wotchulidwa dzina amalowetsa masambawo motsatana, n'kulemba nambala ya oda ya m'kompyuta pa tsamba lililonse limene walowetsa. Tsamba lopanda nambala ndi losalowetsedwa. Ntchitoyi ikasiyidwa kwa aliyense, masamba ena amalowa kawiri, ena salowa n'komwe.

Palinso chinthu china chobisika pa nthawi imeneyi. Pamene maoda akulembedwa pamanja, kompyuta sikuchotsera katundu, ndiye ikangoyaka manambala ake ndi akale. Mpaka masamba onse atalowa, wa pakauntala asalonjeze kasitomala katundu wochepa asanafunse kosungira katundu.

Bukuli lili ndi ngozi yakeyake. Likakhala pafupi kwambiri, antchito amalithawira nthawi iliyonse mzere ukatalika, ndipo pakutha sabata shopu imakhala ikuyendetsa njira ziwiri zosagwirizana. Malo ake ndi m'kabati ya manijala.

Kuyesetsa ndi kufunsa

Mphindi zisanu zomaliza si za manijala. Iye amachoka pakompyuta, n'kutenga malo a kasitomala. Wa pakauntala amalemba oda ina, kashiya amailipiritsa, wosunga katundu amaitulutsa, aliyense akunena mokweza chimene akuchita ndi chifukwa chake. Manijala amaika dala msampha umodzi, monga kufuna katundu woposa amene alipo kapena kusintha maganizo pa chiwerengero cha malata, kuti aone ngati kachizindikiro kofiira kaoneka. Wantchito akasochera, manijala samulanda kompyuta. Amamufunsa chimene akuona pasikirini n'kumusiya apeze yekha, chifukwa dzanja limene ladina ndi limene limakumbukira.

Funso lakuti "Mwamva?" silithandiza. Aliyense amayankha kuti wamva, makamaka pamaso pa abwana, ndiponso munthu wamkulu safuna kuonekera pagulu kuti sakudziwa chimene achinyamata achigwira msanga. Funso lothandiza ndi lokhala ndi nkhani mkati mwake: "Achimwene, kasitomala walipira malata 30 koma galimoto yake yangokwana 20. Mudina chiyani?" Yankho la funso lotere limaonetsa ngati mfundo yalowa.

Wosunga katundu nthawi zambiri ndi munthu wachikulire amene wagwira ntchito m'shopumo zaka zambiri ndipo amadziwa katundu yense pamtima. Manijala wanzeru samuyesa pagulu pa zinthu za kompyuta. Amamufunsa zimene iye yekha akuzidziwa: "Bambo, pa katundu wathu yense, ndi uti amene anthu amasokoneza mayina?" Yankho lake, monga malata a geji 28 ndi a geji 30 amene pasikirini amangosiyana ndi nambala imodzi, limapindulitsa gulu lonse. Kuyeserera kwake kwa pakompyuta kumachitika pambali, ndi munthu mmodzi, ndipo tsiku loyambalo amapatsidwa wachinyamata womuthandiza kudina pamene iye akuwerenga katundu.

Asanatsegule zitseko, manijala amatchula dzina la munthu amene tsiku lonse sakhala ndi kauntala yake koma azingoyendayenda kuthandiza ena. Amalola antchito kuuza makasitomala kuti shopu yayamba njira yatsopano ndipo mwina pachedwa pang'ono. Amamata pambali pa sikirini iliyonse pepala limodzi lokhala ndi masitepe a malo amenewo okha, osapitirira asanu, m'Chichewa, mayina a mabatani atalembedwa ndendende monga akuonekera. Tsiku loyambira limasankhidwanso mosamala: pakati pa sabata ndi pakati pa mwezi, osati Loweruka kapena kumapeto kwa mwezi anthu atalandira malipiro, ndipo kwa shopu ya zomangira, osati pachimake pa nyengo yomanga, miyezi yachilimwe mvula isanayambe.

Madzulo a tsiku lomwelo

Gawo lachinayi la njira ya Training Within Industry ija, kuyendera wophunzira, limayamba shopu ikangotsekedwa, ndipo antchito amauzidwa m'mawa kuti lidzachitika. Manijala amatsegula mndandanda wa makotesheni a tsikulo. Kotesheni iliyonse imene kasitomala wake analipira kapena anatenga katundu ndi oda imene inaiwalidwa kutsimikizidwa. Kenako amatsegula zikalata zotulutsira katundu zimene zikadali pa Ready, n'kufunsa wosunga katundu chimodzichimodzi ngati katundu wake akadalipo. Ngati anatuluka kale, ndiye kuti Validate sanadinidwe, ndipo kompyuta ikuwerengera katundu amene ali kale kumalo omanga. Ndalama za m'bokosi ndi za pafoni zimayerekezedwa ndi zimene pulogalamu ikunena, njira iliyonse payokha. Ngati za m'manja zaperewera ndi ndalama yofanana ndendende ndi imene za pafoni zapitirira, palibe chabedwa, kashiya anangosankha malo olakwika.

Pomaliza amawerenga ndi manja mitundu isanu ya katundu woyenda kwambiri, monga simenti, malata, misomali, penti ndi waya, n'kufananitsa ndi On Hand. Mu chitsanzo chathu, ngati lole ya kasitomala wa matumba 18 inabwera masana, simenti iyenera kusonyeza 0 pasikirini ndipo pansi pasakhale thumba, pamene chikalata cha matumba 6 a mmisiri chikudikirabe. Kusiyana kulikonse kumatsatidwa usiku womwewo, maoda a tsikulo akadali ochepa ndipo anthu akukumbukira. Cholakwika chimene chabwerezedwa ndi anthu oposa mmodzi chimakhala mutu wa msonkhano wa mphindi zisanu m'mawa wotsatira, ndipo misonkhano yaifupi yotere imapitirira tsiku ndi tsiku mpaka kuwerengera kwa madzulo kutayamba kugwirizana. Zimene zinasiyidwa dala pa tsiku loyamba, monga kubweza katundu, kutsitsa mtengo ndi maoda apangongole, zimalowa m'misonkhano imeneyi chimodzi pa tsiku.